Mmene ndinaphunzirira kusunga malonje a ntchito zomwe ndinkafunsira mu sipuredishiti

Kontirakiti yanga ya ntchito yogula ndi kusunga katundu pa pulojekiti ina ya ulimi inatha kumapeto kwa chaka cha 2023, ndipo kuyambira mu Januwale chaka chotsatiracho ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku inali kufunafuna ntchito. Ndinkakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Mmawa uliwonse ndinkawerenga zolengeza za mipata ya ntchito mu nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times kwa mnzanga wina amene ofesi yake inkagula nyuzipepalazo, ndinkazijambula pa foni, ndipo madzulo ndinkaonjezerapo zina zomwe anthu ankatumiza m'magulu a WhatsApp. Pomafika mwezi wa Febuluwale, foni yanga inali itadzaza ndi zithunzi zofananafanana zosakanikirana ndi za ukwati ndi za maliro, moti ndikafuna kudziwa kuti ntchito yakutiyakuti ikutseka liti, ndinkayenera kupukusa chala pa foni kwa nthawi yaitali, nthawi zina osaipeza n'komwe.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinachitika tsiku lina masana pomwe mayi wina anandiimbira foni kuti ndipite kukaonana nawo pa ntchito yomwe ndinafunsira. Anatchula dzina la bungwe lawo mothamanga, ndipo ine ndinavomera mwaulemu, koma nditadula foni sindinathe kukumbukira kuti ndi udindo uti umene ndinafunsira kumeneko, kapena kuti ndinawatumizira siivi iti mwa zitatu zomwe ndinali nazo. Ndinapita ku mafunsowo ndisanakonzeke, ndipo atandifunsa chimene chinandikopa pa udindowo ndinayankha zongozungulira. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi aakulu.

Achemwali anga, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama, atamva nkhaniyi anandiuza kuti: "Achimwene, katundu wa pulojekiti mumamusunga mu Excel bwinobwino, nanga moyo wanu womwe mukuusunga m'zithunzi bwanji?" Usiku womwewo ndinatsegula Google Sheets, chifukwa ndi yaulere ndiponso imatsegulika pa foni ndi pa laputopu pomwe, n'kuyamba kulemba. Mzere uliwonse unali wa ntchito imodzi, ndipo makolamu anali a dzina la bungwe, udindo, komwe ndinaona cholengezacho, tsiku lotseka, malipiro, ndi pomwe zinthu zafika. Ndinamva mtima kukhala pansi, ndipo ndinkaganiza kuti vuto latha.

Koma sipuredishiti yoyambayo ndinailemba monga mmene munthu amalembera m'kope, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna kuti aliyense wowerenga apewe. M'kolamu ya tsiku ndinkalemba mmene zandifikira: pena 19/04/2024, pena "kumapeto kwa mwezi". M'kolamu ya malipiro ndinkalemba "K450,000 mpaka 600,000" m'kabokosi kamodzi. M'kolamu ya pomwe zafika ndinkalemba ziganizo zonse, monga "ndatumiza koma ndisanaone ngati yafika". Maso anga ankatha kuwerenga zonsezi, koma pulogalamuyo sinkatha kuwerengera kanthu pa izo, ndipo phindu la sipuredishiti lili pa kuwerengera ndi kusanja komweko.

Mu Malichi ndinaona ntchito yomwe ndinaifuna kuposa zonse, ya woyang'anira zogula pa kampani ina ya ku Blantyre. Ankafuna kuti makalata aperekedwe pamanja kapena kudzera pa positi, pamodzi ndi makope a masatifiketi otsimikizidwa ndi chidindo, pasanadutse Lachisanu pa 5 Epulo 2024. Ndinalemba 05/04/2024 m'kabokosi kake, kenaka ndinasanja mizere yonse kuti zotseka msanga zikhale pamwamba. Ntchitoyo inapita pansi, kuseri kwa zina, ndipo ine, pokhulupirira ndandandawo, ndinayamba kulimbana ndi zapamwambazo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti sipuredishiti yanga inali itatcheredwa pa kalembedwe ka madeti ka ku United States, komwe amayamba ndi mwezi kenaka tsiku, kotero kuti 05/04/2024 inaimva ngati pa 4 Meyi. Pa sikirini manambalawo ankaoneka chimodzimodzi mmene ndinawalembera, ndiye panalibe chondichenjeza.

Ndinazindikira Lachinayi madzulo pa 4 Epulo, nditabwerera ku chithunzi cha nyuzipepala kuti ndione adiresi. Mmawa wake ndinathamanga kupanga fotokope, kukadinditsa masatifiketi, kugula envelopu ndi kulipira otumiza makalata mwachangu, koma pomwe ndimamaliza zonsezi dzuwa linali litapendeka, ndipo envelopuyo inakafika ku Blantyre sabata yotsatira. Ndalama zomwe ndinaononga tsiku limenelo zikanagula ndiwo za sabata yathunthu pakhomo panga, pa nthawi yomwe ndinalibe malipiro aliwonse. Palibe amene anandiyankha, ndipo sindikuwada, chifukwa tsiku analilemba momveka bwino. Ndinakhala masiku angapo osatsegula sipuredishitiyo, ndili wokwiya nayo ngati kuti inandinamiza dala.

Nditaleza mtima, ine ndi achemwali tinakhala pansi n'kuikonzanso, ndipo tinayambira pa madeti. Choyamba ndi kupita pa `File`, kenaka `Settings`, n'kusintha `Locale` kuti ikhale `United Kingdom`, chifukwa kumeneko amalemba tsiku kenaka mwezi monga timachitira kuno. Izi zimachitika mosavuta pa laputopu, ndipo ndi bwino kuzichita musanalembe deti ngakhale limodzi, chifukwa madeti omwe analowa kale molakwika sadzikonza okha. Ine ndinachita kuwalembanso onse, limodzilimodzi, ndikuyang'ana pa zithunzi za zolengeza. Chachiwiri, tinasintha maonekedwe a kolamuyo kudzera pa `Format`, `Number`, `Custom date and time` kuti izionetsa dzina la tsiku ndi dzina la mwezi m'malo mwa manambala okha. Zikanakhala kuti ndinachita zimenezi poyamba, ndikanaona `Sat` ndi `May` pamalo pomwe ndinkayembekezera `Fri` ndi `Apr`, ndipo cholakwikacho chikanagwidwa nthawi yomweyo.

Pali chizindikiro china chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku koma osachimvetsa. Madeti ena ankatsamira kumanja kwa kabokosi pomwe ena ankatsamira kumanzere. Chimene chatsamira kumanja pulogalamuyo yachimva ngati nambala kapena deti lenileni, ndipo chotsamira kumanzere yangochitenga ngati mawu wamba. Deti ngati 19/04/2024 linkatsamira kumanzere chifukwa kulibe mwezi wa nambala 19, ndiye pulogalamuyo inalephera kulimva. Madeti otere ndi osaopsa kwenikweni, popeza amadzionetsa okha mukawaika mu fomula ndipo pamatuluka `#VALUE!`. Oopsa ndi a masiku oyambira pa 1 kulekeza pa 12 a mwezi uliwonse, chifukwa amatembenuzika mwakachetechete n'kukhalabe madeti ooneka abwinobwino.

Madeti atakhala enieni, tinaonjezera kolamu yowerengera masiku otsala. Tsiku lotseka lili mu kolamu D, ndipo fomula yake ndi iyi:

```
=IF(D2="","",D2-TODAY())
```

Imachotsera tsiku la lero pa tsiku lotseka, ndipo mukatsegula mawa nambalayo imakhala itatsika yokha. Nambala ikakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, ndiye kuti ntchitoyo inatseka kale.

Komabe chimene chinasintha kwenikweni kagwiridwe kanga si kuwerengera masiku otsala kuti atseke, koma kuzindikira kuti tsiku lotseka ndi la olemba ntchito, pomwe langa ndi tsiku lomwe kalatayo iyenera kuchoka m'manja mwanga. Masiku awiriwa amatalikirana malinga ndi njira yotumizira. Ngati akufuna imelo, ndimadzipatsa masiku awiri a ntchito, chifukwa magetsi atha kuzima, bandulo itha kutha, kapena fayilo itha kukhala yaikulu kuposa mmene akulolera. Ngati akufuna envelopu, ndimadzipatsa masiku asanu a ntchito, chifukwa pali fotokope, chidindo ndi ulendo wa kalatayo. Choncho ndinaika kolamu E ya njira yotumizira, momwe ndimalemba `imelo` kapena `envelopu`, ndi kolamu F ya tsiku langa lotumizira:

```
=IF(E2="imelo",WORKDAY(D2,-2,Tchuthi!A:A),WORKDAY(D2,-5,Tchuthi!A:A))
```

Fomula ya `WORKDAY` imabwerera m'mbuyo ikudumpha Loweruka ndi Lamlungu, koma sidziwa masiku a tchuthi a dziko lathu pokhapokha mutaiuza. N'chifukwa chake ndinatsegula tsamba lachiwiri lotchedwa `Tchuthi`, momwe ndinalemba madeti a chaka chimenecho monga tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale, la Kamuzu pa 14 Meyi, la Anakubala pa 15 Okutobala, komanso masiku a Pasaka amene amasintha chaka ndi chaka. Nditayesa fomulayi pa ntchito ya ku Blantyre ija, ndinaona kukula kwa kusiyanako. Popanda tsamba la tchuthi, masiku asanu a ntchito kubwerera kuchoka pa 5 Epulo amafika pa 29 Malichi, lomwe chaka chimenecho linali Lachisanu Loyera, maofesi ali otseka. Ndi tsamba la tchuthi, fomulayo imadumphanso Lolemba la Pasaka pa 1 Epulo n'kufika pa Lachitatu, 27 Malichi. Ndiye kuti ntchito imene ndinkaiona ngati ya mu Meyi inayenera kukhala itachoka m'manja mwanga Malichi asanathe. Kuyambira pamenepo ndimasanja ndandanda wanga potsatira kolamu F, osati D.

Pa kusanjako ndichenjezepo chinthu chimodzi: musamasankhe kolamu imodzi yokha n'kuisanja payokha, chifukwa madeti amasuntha pomwe maina a mabungwe atsala pomwepo, ndipo ntchito iliyonse imatenga tsiku la inzake. Gwiritsani ntchito `Data` kenaka `Create a filter`, kuti mzere wonse uziyendera limodzi.

Nkhani ya malipiro inandivuta mwanjira ina, ndipo inatenga nthawi kuti ndiimvetse. Zolengeza zambiri za kuno sizitchula ndalama, zimangolonjeza malipiro abwino molingana ndi luso la munthu, pomwe za boma zimatchula giredi. Zochepa zomwe zimatchula sizitchula mofanana: ena amalemba za pachaka, ena za pamwezi, ena msonkho usanachotsedwe, ndipo mabungwe ena akunja amalemba m'madola. Pomwe ndinkalemba zonsezi ngati mawu m'kabokosi kamodzi, kusanja kunkatulutsa zosokoneza, moti "K1,200,000" inkabwera patsogolo pa "K450,000" ngati yaing'ono, chifukwa pulogalamuyo inkangoyerekeza zilembo, ndipo 1 amayamba 4 asanabwere. Ndinagawa kolamuyo pawiri, ina ya ndalama yochepetsetsa ndi ina ya yochulukitsitsa, ndipo m'menemo ndimalemba manambala okhaokha, monga `450000` ndi `600000`, popanda chilembo cha K. Zonse ndimazisandutsa kukhala za pamwezi, m'makwacha, msonkho usanachotsedwe. Pomwe sanatchule malipiro ndimasiya kabokosiko kopanda kanthu, osalemba 0, popeza ziro amawerengedwa ngati malipiro enieni ndipo amatsitsa chiwerengero chapakati mukamagwiritsa ntchito `AVERAGE`.

Ubwino wake ndinauona mu Juni, pomwe ndinali ndi ntchito ziwiri zomwe zinkaoneka kuti zikhoza kutheka. Yoyamba inalengeza K7,200,000 pachaka, nambala yomwe inandisangalatsa nditangoiona. Yachiwiri, pa mafunso, anandiuza kuti ndizilandira K520,000 pamwezi m'manja. Kugawa yoyambayo ndi 12 kunapereka K600,000 pamwezi, zomwe zinkaonekabe zambiri, koma iyi inali ndalama yosachotsedwa kanthu. Nditachotsa msonkho wa PAYE potsatira milingo yomwe bungwe la MRA linkagwiritsa ntchito chaka chimenecho, ndi 5 peresenti yomwe wogwira ntchito amapereka ku penshoni malinga ndi lamulo, yotsala inali pansi pa K500,000. Ntchito ya nambala yaikulu ija ndiyo inali ya malipiro ochepa. Milingo ya msonkho imasintha ndi bajeti ya boma, choncho muziyang'ana yatsopano musanawerengere, osadalira ya chaka chatha.

Ndinaonjezeranso kolamu yaing'ono yolemba kumene nambala ya malipiroyo ndaitenga komanso mwezi wake: kaya ndi pa cholengeza, kaya andiuza pa mafunso, kaya ndangomva kwa munthu. Mwezi ndi wofunika chifukwa mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo nambala yomwe mnzanu anakuuzani kuti ankalandira pamalo ena chisanachitike chimenecho siingakuthandizeni kudziwa chimene muyenera kupempha lero. Ine ndimakhulupirira kuti nambala yongomva iyenera kulembedwa ndithu, koma iyenera kuoneka kuti ndi yongomva, kuti tsiku la mafunso musaitchule molimba mtima ngati kuti munaiwerenga penapake.

Kolamu ya pomwe zafika ndi imene imakhudza mtima kwambiri, ndipo ndi imene ndinkaizemba. Tinaikonza kudzera pa `Data` kenaka `Data validation`, n'kusankha `Dropdown`, kuti izilola mawu ochepa okha omwe ndinasankhiratu: `ndaona`, `ndikukonza`, `ndatumiza`, `andiitana`, `andikana`, `chete` ndi `ndasiya`. Kusankha pa mndandanda kumateteza kuti musalembe "ndatumiza" lero, mawa "Ndinatumiza", zomwe pulogalamuyo imaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. Pambali pake ndinaika kolamu ya chochita chotsatira ndi tsiku lake, monga kuimbira amene adzandichitire umboni kapena kukatenga masatifiketi kwa odinda, chifukwa mawu akuti `ndikukonza` paokha atha kukhala pamenepo mpaka ntchito itatseka. Ndinatcheranso `Conditional formatting` kuti mzere uzifiira ngati tsiku langa lotumizira lafika koma sindinatumize, ndi fomula iyi, pomwe K ndi kolamu ya pomwe zafika:

```
=AND($F2<=TODAY(),OR($K2="ndaona",$K2="ndikukonza"))
```

Mawu akuti `chete` ndi amene anandithandiza koposa. Zolengeza zambiri zimanena kuti adzayankha okhawo amene asankhidwa, ndiye munthu umakhala ukuyang'ana foni miyezi, ukudziuza kuti mwina akadasankhabe. Ndinadziikira lamulo lakuti pakadutsa masabata asanu ndi limodzi chitsekereni popanda yankho, mzerewo ndiziusintha kuchoka pa `ndatumiza` kupita pa `chete`, ndipo fyuluta iziubisa. Ntchito za boma ndi za mabungwe aakulu ndinkazipatsa nthawi yotalikirapo popeza zimachedwa, ndipo sindinkafufuta mzere uliwonse, kuti akadzaimba mochedwa ndidzaupeze. Lamlungu loyamba lomwe ndinachita zimenezi linali lowawa, chifukwa ndandanda womwe unkaoneka wodzaza ndi chiyembekezo unatsala ndi mizere yowerengeka. Koma zinandionetsa zoona zake, kuti ndinali nditachepetsa kufunsira ntchito zatsopano podalira makalata omwe anali atafa kalekale.

Mawu okhazikikawo anathekanso kuwerengedwa. Ndi `COUNTIFS` ndinayerekeza komwe ndinaona ntchito, mu kolamu C, ndi zomwe anandiitana:

```
=COUNTIFS(C:C,"nyuzipepala",K:K,"andiitana")
```

Nditachita chimodzimodzi pa magwero enawo, ndinapeza kuti pafupifupi onse amene anandiitana anali a zolengeza za m'nyuzipepala ndi za pa masamba a mabungwe eniake, pomwe zongotumizidwa m'magulu a WhatsApp, zomwe zinkandidyera nthawi yambiri, zinkathera pa `chete`. Kolamu ya gwero inandithandizanso kugwira cholengeza china chomwe chinabwera kawiri ndi maina a mabungwe osiyana koma nambala ya foni imodzimodzi, ndipo nditafunsa anandiuza kuti nditumize kaye ndalama ya fomu pa foni. Sindinatumize. Ndisanene mopitirira: mizere ya munthu mmodzi ndi yochepa, ndipo zimene ndinapezazi ndi za ntchito za mtundu wanga, mwina kwa inu zingatuluke zosiyana. Komanso mzere ukachoka pa `andiitana` kupita pa `andikana` umasowa m'chiwerengero chija, choncho ndinaika kolamu ina yongolemba tsiku la mafunso, lomwe silifufutika.

Chomaliza chimene ndinaonjezera chinachokera pa manyazi a tsiku lija la foni. Ntchito iliyonse ndimaitsegulira foda yake pa Google Drive, momwe ndimaika chithunzi cha cholengeza chonse, kalata ndi siivi zomwe ndatumiza, ndipo linki ya fodayo ndimaiika pa mzere wake. Linki ya tsamba la bungwe payokha siyokwanira, chifukwa ntchito ikatseka ambiri amachotsa tsambalo, ndipo nthawi imene mukuitanidwa ku mafunso ndi imene zofunika za udindowo simungazipezenso. Pa foni ndinasankha `Available offline` pa fayiloyo kuti izitsegulika ngakhale bandulo itatha.

Sipuredishitiyi inkafuna nthawi yake: mphindi zochepa madzulo aliwonse ndi ola limodzi Lamlungu, ndipo sabata yomwe ndinadwala malungo n'kuisiya, ndinaipeza itafiira mizere iwiri yomwe sindinathe kuipulumutsa. Sinandilembere kalata yabwino ndiponso sinachititse aliyense kundiitana. Miyezi ya pakati pa chakacho inali yovutabe, ndipo ndinakongola kwa achemwali kuti ndilipire lendi.

Ntchito ya K520,000 ija ndi imene inatheka, ngakhale kalata yake inachedwa mpaka mu Ogasiti. Asanailembe anandifunsa ngati ndikuvomera ndalamayo, ndipo ine ndinali nditayang'ana kale mizere ya maudindo ofanana nawo yomwe manambala ake ndinawatenga pa zolengeza ndi pa mafunso a chaka chomwecho. Ndinaona kuti malipirowo anali pakatikati, osati pansi, choncho sindinalimbane nawo, koma ndinapempha kuti alembe m'kalatamo kuti nambalayo ndi yolandira m'manja, msonkho ndi penshoni zitachotsedwa kale, ndipo anatero. Panali patatsala mizere iwiri pa `andiitana`, ndipo mabungwe awiriwo ndinawalembera imelo yowathokoza ndi kuwadziwitsa kuti ndapeza ntchito kwina, kuti malo anga pa mafunso apatse munthu wina, kenaka ndinasintha mizereyo kukhala `ndasiya`.